Ku Katuli Madzi Amawira Msanga, Koma Nyemba Zimachedwa

Mukachoka pa boma la Mangochi n'kuwoloka mlatho wa Shire kulowera ku Namwera, simuyenda nthawi yaitali msewu usanayambe kukwera mapiri a Chowe. Galimoto imalira mwamphamvu, nyanja imatsalira m'munsi, ndipo penapake pa mtundapo makutu amatseka mpaka mumeze malovu. Ambiri timangoti ndi kutopa kwa paulendo. Komatu chimene chikutseka makutucho ndi mpweya umene ukupepuka pamene mukukwera. Mpweya womwewo ndi umene umalamula kutentha kwa madzi a mumphika mukafika ku Katuli, chakumpoto kwa Namwera, kufupi ndi malire a Mozambique.

Ndinakulira kunyanja, koma kuchimake kwathu ndi ku Katuli, ndipo ndaphikira mbali zonse ziwiri. Azakhali anga a kumtundako ali ndi mawu amene amauza aliyense wochokera kunyanja akamuona akuvundukula mphika: “Mwanawe, zisiye nyembazo. Kuno sizipsa ndi changu cha kwanu.” Sanayezepo kutentha kwa madzi ndi chipangizo chilichonse, koma zimene amanenazo n'zoona. Funso limene lakhala likundisautsa n'lakuti, kodi pa kuchedwa konseko, mtunda uli ndi mlandu wochuluka bwanji? Pakuti tikaunamizira mtunda mlandu wonse, tidzapitiriza kutha nkhuni pa vuto limene lili ndi mankhwala ena.

Tiyambe ndi madzi. Mpweya umene tikupumawu uli ndi kulemera, ndipo umapanikiza chilichonse, kuphatikizapo pamwamba pa madzi a mumphika, ngati chikhatho chimene chawatsendereza. Madzi amawira pamene nthunzi ya m'kati mwake yapeza mphamvu zokwanira kugonjetsa kupanikizako n'kutuluka. M'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira kapena ku Nacala, mpweya wonse wa kumwamba uli pamutu panu, ndiye madzi amafunika kufika madigiri 100 kuti awire. Mukakwera phiri, mpweya wina watsala pansi panu, wokupanikizani wachepa, ndipo nthunzi imapeza mpata madzi asanatenthe kufika pamenepo. Pa mamita pafupifupi 300 alionse amene mwakwera, digiri imodzi imatayika.

Nyanja yathu ya Malawi payokha ili kale pamtunda. Ili mamita oposa pang'ono 470 pamwamba pa nyanja yamchere, choncho pa boma la Mangochi madzi amawira atangodutsa pang'ono madigiri 98. Mtunda wa Namwera ndi Katuli, umene midzi yake ili cha m'ma mamita 900 mpaka 1,000, umawiritsa madzi pa madigiri pafupifupi 97. Pa boma la Dedza, mamita pafupifupi 1,600, safika n'komwe pa 95. Pa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002, madzi amabwadamuka ali pa madigiri 90 okha. Kubwadamuka kwake kumaoneka chimodzimodzi kulikonse: thovu lomwelo, phokoso lomwelo, nthunzi yomweyo. Diso silingakuuzeni kuti madzi awa ndi ozizirirapo kuposa aja.

Apa ndi pamene pali mfundo imene ndimafuna wophika aliyense ataigwira. Madzi akangoyamba kuwira mumphika wamba, kutentha kwake sikukweranso. Kaya musonkhezere chikuni chachikulu motani, kaya mukupize mpaka malawi anyambite chivundikiro, ku Katuli madziwo akhalabe pa madigiri 97. Moto wowonjezerawo umangosandutsa madzi kukhala nthunzi. Mapeto ake mphika umaphwa msanga, mumathiramo madzi ozizira, kuwira kumaima kwa kanthawi, ndipo nyemba zimachedwa kuposa mmene zikanachedwera pa moto wofatsa. Ndaonapo mtolo wathunthu wa nkhuni, umene mayi anausenza kuchokera kutali, ukutha pa mphika umodzi chifukwa cha chikhulupiriro choti moto waukulu umafulumizitsa ndiwo. Zimandipweteka, chifukwa mitengo ya m'mapiri a Mangochi ikutha tikuona, ndipo gawo lina la nkhunizo limangouluka ngati nthunzi osafewetsa nyemba ndi imodzi yomwe.

Vutoli silinayambe ndi ife. M'chaka cha 1835, katswiri wa zachilengedwe Charles Darwin anagona pamwamba pa mapiri a Andes, pakati pa Chile ndi Argentina, mamita oposa 3,000. Anaika mbatata ya kachewere pamoto, inakhala maola angapo m'madzi owira, anaisiya usiku wonse, m'mawa n'kuiwiritsanso, koma inali idakali yolimba. Anthu amene ankamuperekeza anakambirana n'kugwirizana kuti vuto ndi mphika, poti unali watsopano. Sindiwaseka anthu amenewo. Munthu akaona madzi akuwira koma chakudya osapsa, amayenera kufunafuna chifukwa, ndipo amaloza chimene maso ake akuona.

Nanga digiri imodzi ndi theka, imene ili pakati pa boma la Mangochi ndi Katuli, imadya nthawi yochuluka bwanji? Nyemba imafewa pamene kutentha kwasungunula ulimbo wachilengedwe umene umamata timagulu ta m'kati mwake, ndipo sitachi wa m'katimo wamwa madzi n'kutupa. Ntchito yotereyi imayenda mofulumira madzi akatentha kwambiri, ndipo akatswiri ali ndi muyeso wongoyerekeza wakuti madigiri 10 akatsika, nthawi imawirikiza kawiri. Tiyeni titenge mphika wa nyemba zosaviika umene umapsa m'maola atatu pa boma. Pa muyeso umenewu, nyemba zomwezo, ndi madzi omwewo, zidzafuna mphindi pafupifupi 20 zowonjezera ku Katuli. Ku Dedza zidzayandikira maola anayi. Ku Joni, kumene abale athu ambiri a ku Mangochi akugwira ntchito, mzindawo uli mamita pafupifupi 1,750, ndipo maola anayiwo amakwana ndithu. Pa Sapitwa zingapitirire maola asanu.

Choncho azakhali akunena zoona, koma choonadi chake ndi cha mphindi 20. Mphika umene munateleka dzuwa likutuluka n'kufika masana nyemba zikadali gwa, umenewo si mlandu wa mtunda. Pali zinthu zitatu zimene zimaposa mtunda kutali, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake.

Choyamba ndi ukalamba wa nyembazo. Nyemba zimene zasungidwa miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyontho zimasintha m'kati: ulimbo uja umalimba mwakuti madzi owira amalephera kuusungunula. Mungaziviike, zimatha kutupa ndithu, koma mukaziphika n'kufinya imodzi ndi zala, pakati pake mumamva timiyala tambee, ndipo mumphika womwewo zina zaphwanyika pamene zina zikadali zolimba. Nyemba zochedwa chifukwa cha mtunda sizitero. Zimafewa zonse pamodzi, mochedwerapo chabe. Pa mfundo imeneyi Katuli ali ndi mwayi kuposa kunyanja, chifukwa kuzizira kwa kumtunda kumasunga nyemba bwino. Thumba limene lakhala pansi pa malata m'kutentha kwa Okutobala pa boma limakalamba msanga kuposa limene lili m'chipinda chozizira cha kumtunda. Ndiye pogula pamsika funsani kuti ndi za chaka chiti, ndipo musasakanize zatsopano ndi zakale mumphika umodzi.

Chachiwiri ndi madzi. Madzi ena a pa mjigo ali ndi laimu wambiri wa m'miyala. Mumawadziwa chifukwa sopo sachita thovu msanga, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera zokakamira. Laimu ameneyu amalowa m'khungu la nyemba n'kulilimbitsa. Kuyesa kwake n'kosavuta: gawani nyemba za thumba limodzi pawiri, zina muphike ndi madzi a pa mjigo, zina ndi madzi a mvula amene mwatchera. Ngati za madzi a mvula zapsa msanga, mwalipeza vuto. Amayi athu anali nawo kale mankhwala ake, amene ndi chidulo, ndipo masiku ano ambiri amaika soda. Zonsezi zimathandiza kusungunula ulimbo uja. Koma zifunika kuchepa kwambiri, kansonga chabe ka supuni yaing'ono pa mphika wa banja, chifukwa zikachuluka ndiwo zimamveka sopo, nyemba zimasanduka phala, ndipo vitamini B1 amene ali m'nyembamo amawonongeka.

Chachitatu ndi tomato. Chilichonse chowawasa chimaumitsa khungu la nyemba. Mukathira tomato nyemba zisanafewe, mwatalikitsa ulendo nokha. Kazingani anyezi ndi tomato padera, muthire pamene nyemba ikuphwanyika pakati pa zala popanda kulimbana nayo. Mchere ndi umene timaunamizira kawirikawiri. Mchere wapang'ono m'madzi oviikira suumitsa nyemba, umathandiza khungu kufewa. Komanso musayembekeze kuti mchere ukweza kutentha kwa madzi: muyeso umene timathira m'ndiwo susintha ngakhale theka la digiri.

Mphika wa theka la kilogalamu ya nyemba ndimauyendetsa motere ndikakhala ku Katuli. Madzulo ndimasankha, kutsuka, n'kuviika m'madzi ochuluka katatu kuposa nyembazo, chifukwa zimatupa kuwirikiza. M'mawa ndimataya madzi oviikirawo n'kuthira ena, opitirira nyemba ndi mfundo ziwiri za chala. Moto woyamba umakhala waukulu, ndipo ndimazisiya zibwadamuke kwambiri kwa mphindi zosachepera khumi. Zimenezi n'zofunika pa thanzi, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa ngati sizinawire bwino, ndipo madigiri 97 amamuthetsa ndithu. Zikatero ndimaphula nkhuni zina, n'kusiya moto woti thovu lizingotuluka pang'onopang'ono, n'kuvundikira bwino. Ketulo imakhala pambali pa mafuwa kuti madzi owonjezera akhale otentha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamawomba, ndimatchinga moto, apo ayi ndimaphikira pa chitetezo mbaula, chifukwa mphepo imaba kutentha m'mbali mwa mphika. Kuviika kokhako kumabweza nthawi yoposa mphindi 20 zimene mtunda unalanda. Mwezi wa Ramadani, pamene chakudya chiyenera kukhala chitapsa dzuwa likamalowa, kuviika usiku ndiye kumapulumutsa wophika amene nayenso wasala tsiku lonse.

Njira imodzi yokha ndi imene imagonjetsa mtundawo mwachindunji, ndiyo poto wa puresha, amene chiyambi chake ndi chipangizo chimene Denis Papin wa ku France anapanga mu 1679. Potoyu amatsekera nthunzi m'kati, kupanikiza kumene phiri linachotsa kumabwerera n'kuposerapo, ndipo madzi amafika madigiri oyandikira 120. Nyemba zoviika zimapsa theka la ola lisanakwane. Mtengo wake ndi wokwera kwa mabanja ambiri a kumudzi, sindikana. Koma kwa amene amaphikira ana a sukulu yogonera, malo odyera a pamsika, kapena achimwene a ku Joni amene amalipira magetsi ndi gasi, ndalamayo imabwerera. Chofunika ndi kusadzaza nyemba kupitirira theka la poto, kuonetsetsa kuti kabowo kotulukira nthunzi sikanatsekeke ndi makoko, ndiponso kusatsegula nthunzi yonse isanathe.

Wina angade nkhawa kuti ngati madzi sakufika 100, kodi owiritsa akumwa ndi otetezeka? Inde. Tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba timafa madzi asanafike n'komwe pa madigiri amenewa. Akabwadamuka kwa mphindi imodzi ku Katuli, ndi abwino.

Pa zophika ndi fulawa nkhani imatembenuka. Nyemba zimachedwa, koma mtanda umafulumira. Yisiti, soda ndi bekingi paudala zonse zimagwira ntchito imodzi, yotulutsa timathovu ta mpweya m'kati mwa mtanda. Ku Katuli mpweya wakunja umapanikiza ndi mphamvu yochepera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kunyanja yamchere, choncho timathovuto timatupa mopitirira. Keke imakwera msanga m'chitini mazira ndi fulawa zisanaume mokwanira kuti ziigwire, kenako timathovu timaphulika ndipo pakati pamatitimira. Mukaidula mumapeza mabowo akuluakulu, m'mphepete mouma, pakati ponyowa. Madzi a mu mtanda amaphweranso msanga, shuga n'kutsala wochuluka kuposa mmene munafunira, ndipo shuga wochuluka amafooketsa thupi la keke.

Akatswiri a zakudya a ku Colorado, dera lamapiri la ku America, anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo malangizo awo amayambira pa mtunda wa mamita pafupifupi 900. Ndiye kuti Katuli ali pakhomo penipeni pa vutoli, ndipo kusintha kofunika n'kochepa. Titenge keke wamba: makapu awiri a fulawa, masupuni aang'ono awiri a bekingi paudala, kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya mkaka, mazira awiri ndi majarini, zolembedwa m'buku la kunyanja yamchere. Ku Katuli chepetsani bekingi paudala kuti akhale supuni imodzi ndi magawo atatu mwa anayi. Chotsani supuni yaikulu imodzi pa kapu ya shuga. Onjezerani supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za mkaka. Ngati muli ndi uvuni wokhala ndi manambala ndipo buku likuti 180, ikani pa 190 n'kuyamba kuyang'ana mphindi zingapo nthawi yolembedwayo isanakwane, cholinga chake kekeyo iume isanatupe mopyola. Ku Joni keke yomweyo imafuna dzanja lolemererapo: bekingi paudala supuni imodzi ndi theka, shuga kuchotsa masupuni aakulu awiri, mkaka kuwonjezera atatu.

Koma ambiri ku Katuli sitiphikira mu uvuni wa manambala. Timaika chitini mumphika waukulu wokhala ndi mchenga pansi, makala ena kunsi, ena pa chivundikiro. Pamenepo malangizo a madigiri amatanthauza kutenthetsa mphikawo bwino musanaike mtanda, kuchulukitsa makala a pamwamba poyambirira, n'kuwachepetsa keke ikayamba kufiira. Musavundukule m'mphindi zoyambirira, chifukwa mpweya wozizira ukalowa kekeyo isanalimbe imagwa. Ndipo kunena moona, makala osayaka mofanana amawononga makeke ambiri kuposa mtunda. Keke imene yapserera pansi koma pamwamba ili yaiwisi, vuto ndi makala. Imene inakwera bwinobwino, yofiira mofanana, kenako n'kutitimira pakati, vuto ndi chotupitsa chochuluka, ndipo pamenepo ndi pamene mtunda ukuikapo dzanja.

Chigumu sichivutika kwenikweni ndi zonsezi. Mgaiwa ndi nthochi n'zolemera, sizikwera patali, ndiye palibe pogwera. Chokhacho ndi kusapyola pa soda, amene amachititsa chigumu kuda ndi kuwawa. Buledi, masikono ndi mandasi a yisiti ndi amene amafuna diso. Mtanda umafika powirikiza msanga kumtunda m'nyengo yotentha, ndipo ukapitirira umanunkha mowawasa, umaphwa mukaugwira, mandasi ake n'kumwa mafuta ambiri. Koma m'mawa wa Juni, kuzizira kwa Katuli kumagoneka yisiti, ndipo mtanda womwewo umachedwa kuposa kunyanja. Mtunda ukukokera uku, chisanu chikukokera uko, choncho wotchi singakuthandizeni. Ndinaonera mayi wina wogulitsa mandasi pamsika wa kumeneko akuyesa mtanda wake: anapaka chala fulawa, n'kubaya pang'ono pamwamba. Kadzenje kakabwerera msanga, amavundikiranso nsalu n'kudikira. Kakabwerera pang'onopang'ono n'kusiya chipsera chochepa, amateleka mafuta. Kakakhala pomwepo osabwerera, amadziwa kuti wachedwa, amaukandanso pang'ono kuti uyambirenso. Muyeso wa chala umenewu umagwira ntchito ku Makanjira, ku Dedza ndi ku Joni komwe, chifukwa ukufunsa mtandawo, osati nthawi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtsikana amene waphunzira zophikaphika kuchokera m'buku kapena pa foni, watenga kangongole kogulira fulawa, shuga ndi mazira, keke yoyamba yagwa, yachiwiri yagwanso, ndiye wayamba kudziona ngati alibe luso. Mabuku ambiri a zophika analembedwera makhitchini a m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo olembawo satchula n'komwe zimenezo. Ndimamuderanso nkhawa mtengwa wochokera kunyanja amene ndiwo zake zikuchedwa pakhomo pa apongozi, anthu n'kuyamba kunong'ona za ulesi, pamene vuto ndi thumba la nyemba za chaka chatha ndi madzi a pa mjigo. Onsewa akufunika wina wowauza pamene pali vuto, ndipo aphunzitsi a zapakhomo m'sukulu zathu ndi alangizi a m'midzi angathe kutero ndi mphika, ketulo ndi nyemba za thumba limodzi.

Inu amene mukuphikira ku Katuli, mphika wotsatira muuyese motere: viikani nyemba usiku, mukawiritsa mphindi khumi zoyambazo phulani theka la nkhuni, vundikirani, ndipo tomato adikire mpaka nyemba zitafewa. Pomaliza muwerenge nkhuni zimene zatsala pambali pa mafuwa.